Mphasa ndi dengu zachita nguwi: fungo lingathe, nanga mawanga akudawo?

Funso: Ndimakhala ku Ulongwe, m'boma la Angoniya. M'mwezi wa Febuluwale ndinatseka nyumba kupita kukadwazika mayi anga ku Tete, ndipo pobwera ndapeza mphasa yomwe ndinaipinda n'kuiimika pakona ikununkha nguwi, yachita mawanga akuda kumunsi ndi m'mizere ya chingwe. Dengu la udzu lomwe anandilukira agogo nalonso lada pansi. Anzanga akuti ndikaziviike kumtsinje n'kuzichapa ndi jiki. Kodi nditero?

Yankho: Mayi, musaziviike, ndipo jikiyo muyambe mwamuika pambali. Muli ndi mavuto awiri amene akuoneka ngati limodzi, koma amathetsedwa mosiyana. Fungo limachokera ku nguwi yamoyo imene ikudya bango ndi udzu chifukwa muli chinyezi, ndipo limeneli lingathe ndithu mukagwira bwino ntchito yake. Mawanga akuda ndi mtundu umene nguwiyo yasiya m'kati mwa ulusi wa bangolo, ndipo nthawi zambiri amangozilala osatheratu, ngakhale nguwiyo itafa kale. Anthu ambiri amawononga mphasa yabwinobwino chifukwa cholimbana ndi wangalo, kulipala ndi kulithira mankhwala mpaka chingwe chitaduka, pamene chofunika kwenikweni chinali kupha nguwi ndi kuumitsa mphasayo mpaka m'kati.

Nguwi imamera pa chinthu chochokera ku zomera ngati mpweya wozungulira chinthucho ukhala ndi chinyezi choposa magawo 70 pa 100 kwa masiku angapo, makamaka pamalo pamene sipadutsa mphepo. Ku Angoniya, ku Tsangano ndi ku Makanga, kumene ndi kumtunda kozizira ndipo mvula imagwa yambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi, nyumba yotsekedwa imafika pa chinyezi chotere mosavuta. Kumene munapita kuja, mumzinda wa Tete m'mphepete mwa Zambezi, kumatentha ndi kuuma kwambiri, kotero mphasa yomweyo mwina sikanachita kanthu. Malo amene mawanga atulukira akufotokozanso okha chimene chinachitika. Kumunsi kwada chifukwa mathero a bango anali atagunda pansi, ndipo bango lodulidwa limakoka madzi kudzera kumathero kwake monga momwe linkakokera lili kudambo. M'mizere ya chingwe mwada chifukwa khonje limasunga madzi nthawi yaitali kuposa bango, ndiponso pa timabowo tomwe anaboola posoka mphasayo khungu losalala la bango linang'ambika, madzi n'kupeza polowera.

Musanataye nthawi ndi ndalama, yambani mwaona ngati mphasayo ili yoti n'kupulumuka. Itulutseni panja, muitambasule, kenako musankhe mabango angapo pamalo akuda kwambiriwo n'kuwadinikiza ndi chikhadabo. Bango lomwe likadali lolimba limakana chikhadabo ndipo mukalipinda pang'ono limabwerera m'malo mwake, pamene lowola limabonyoka, kufumbutuka kapena kuthyoka mopanda phokoso. Kokaninso chingwe pamalo amene chada. Ngati chikuduka mukangochikoka pang'ono, ndiye kuti nguwi yachidya, ndipo kutsuka kokha sikungathandize pokhapokha wosoka mphasa atadutsitsamo chingwe china. Ngati kuwola kuli kumathero kokha, mwina masentimita 5 kapena 10, wosoka mphasa angathe kudula mbali imeneyo n'kumanganso m'mphepete, mphasa n'kukhala yocheperako pang'ono koma yabwino. Koma ngati mabango a pakati penipeni akufumbutuka, ndikuuzeni mosabisa kuti imeneyo yatha ntchito yogonapo, ndipo ndi bwino kugula ina.

Ngati yalimba, dikirani tsiku loyenera. Mfundo imeneyi anthu amaipeputsa, komatu ndi imene imachititsa kuti ntchito yonse itheke kapena ilephereke. Mukufuna tsiku lomwe kwacha ndi dzuwa ndi kamphepo, ndipo muyambe m'mawa mame atangouma, kuti chilichonse chomwe munyowetse chikhale chitauma dzuwa lisanalowe. Mukayamba madzulo, kapena tsiku la mitambo ndi mvula yowaza, mphasa idzagona yonyowa, ndipo mudzakhala mwaipatsa nguwi madzi amene imafuna. Ngati kukugwabe mvula masiku ano, ingoitambasulani pakhonde pamene pakuwomba mphepo, muchite mbali youma yokha ya ntchitoyi, zamadzi mudikire kuti kuyere.

Mbali youmayo ndiyo yoyamba, ndipo imachotsa nguwi yambiri kuposa momwe mungaganizire. Yanikani mphasa padzuwa kwa maola awiri kapena atatu musanaikhudze, mbali zonse ziwiri, chifukwa nguwi yonyowa mukaipukuta imamatirira ndi kulowa m'kati, pamene youma imasanduka fumbi lomwe limachoka mosavuta. Musaiyale pa dothi kapena pa kapinga, pakuti nthaka ya nyengo ino imatulutsa chinyezi. Ikolekeni pa chingwe choyanikira zovala, pa mpanda, kapena muiyale pa thandala la mbale kuti mphepo idutse pansi ndi pamwamba. Ikauma, mangani kansalu kukamwa ndi kumphuno, muime kumbali komwe kukuchokera mphepo, ndipo ana ndi aliyense wodwala mphumu kapena chifuwa akhale patali, chifukwa fumbi la nguwi limayambitsa chifuwa ndi kubanika. Iguguzeni pang'onopang'ono ndi kamtengo, kenako muikweche ndi burashi yochapira zovala kapena katsache kolimba, motsatira utali wa bango, osati modutsa. Mukakwecha modutsa, burashi imakola m'mphepete mwa bango long'alulidwa n'kuutsa tizitsotso tomwe tidzakubayani pogona. M'mizere ya chingwe gwiritsani ntchito mswachi wakale, ndipo mulimbikire kwambiri kunsi kwa mphasa, kumene kuli m'kati mwa bango. Kumeneko n'kofewa ndipo kumamwa madzi, choncho nguwi yambiri ndi fungo lambiri zili kumeneko, ngakhale maso amathamangira kumtunda kosalala.

Tsopano zamadzi, ndipo lamulo lake ndi lakuti nsalu ikhale yonyowa, mphasa isakhale yonyowa. Ngati mphasa ili ndi litsiro la thukuta ndi mafuta a m'thupi, monga zimakhalira mphasa zogonapo, yambani ndi sopo pang'ono, kasupuni kamodzi kakang'ono ka sopo wotsukira mbale kapena wa ufa mu lita imodzi ya madzi ofunda. Viikani nsalu, muifinye mpaka isamadonthe, mupukute kachigawo kamodzi, kenako mupukutenso ndi nsalu ya madzi okha kuti sopo achoke. Litsiro limeneli liyenera kuchoka chifukwa nalonso ndi chakudya cha nguwi. Mukatero tengani viniga woyera, uja m'masitolo a kuno amamutcha vinagiri, yemwe kawirikawiri amakhala ndi asidi wa magawo 4 kapena 5 pa 100. Musatenge wofiira, chifukwa angasiye mtundu wake. Sakanizani kapu imodzi ya viniga ndi kapu imodzi ya madzi, ndipo pa mphasa ya munthu mmodzi kapena awiri muyeso umenewu ndi wokwanira mbali zonse. Pukutani mphasa yonse, osati pa mawanga pokha, popeza nguwi imafika kutali kuposa pamene maso akuona. Pamalo akuda kwambiri ndi m'mizere ya chingwe pakani viniga wosasungunula ndi mswachi uja. Isiyeni pamthunzi kwa theka la ola kuti viniga agwire ntchito asanaume, kenako muipukute ndi nsalu youma n'kuibwezera padzuwa. Fungo la viniga lisakudetseni nkhawa, limatha lokha mphasa ikauma.

Chifukwa chomwe ndikukanira zokaviika kumtsinje ndi ichi. Ndikudziwa kuti amayi ambiri amachapa mphasa kumtsinje m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, ndipo zimawayendera, chifukwa nthawi imeneyo dzuwa ndi mphepo zimaumitsa mphasa tsiku lomwelo. Kumapeto kwa dzinja ku Ulongwe sizitero. Kunja kwa bango kumauma msanga n'kukunyengani, pamene m'kati ndi mu chingwe mukadali madzi, ndipo mukaipinda n'kuilowetsa m'nyumba fungo limabwerera sabata isanathe, loposa poyamba. Kuwonjezera apo, bango likamwa madzi limafufuma, likauma n'kufota, chingwe n'kukhala chokhwepa, mphasa n'kuyamba kuchita mipata.

Kuumitsa kukhale kwa masiku awiri kapena atatu, mukuitembenuza, ndipo madzulo aliwonse muziilowetsa mame asanagwe n'kuikoleka yotambasula. Dzuwa la ku Angoniya nyengo ino siliopsa kwenikweni, koma amene akuwerenga yankholi ali ku Moatize kapena ku Tete asamale, chifukwa dzuwa la masana kumeneko m'mwezi wa Okutobala limaumitsa bango mopitirira mpaka kumathyoka. Iwo ayanike m'mawa, masana aike pamthunzi podutsa mphepo. Kuti mudziwe ngati yaumadi, musadalire dzanja. Tengani jumbo yoonekera m'kati, muvindikire nayo kumathero kuja kunada n'kuimanga, muisiye padzuwa kwa ola limodzi. Mukaona timadontho ta madzi kapena nthunzi m'kati mwa jumbo, ndiye kuti mphasa ikutulutsabe chinyezi ndipo iyenera kuyanikidwanso. Jumbo ikakhala youma, nunkhizani m'mizere ya chingwe kunsi kwa mphasa m'mawa kusanatenthe, chifukwa fungo la nguwi limamveka kwambiri nthawi imeneyo.

Ngati kafungo katsalabe mphasa itauma, wazani soda wophikira wouma kunsi kwake, masupuni akuluakulu anayi kapena asanu, muifikise ndi dzanja kuti alowe m'mipata, igone choncho usiku umodzi kapena uwiri pamalo ouma, kenako muikutumule ndi kuikwecha. Soda ndi viniga musaziphatikize m'mbale imodzi. Zimachita thovu looneka ngati lamphamvu, koma kwenikweni zimathetsana mphamvu n'kutsala madzi amchere opanda ntchito. Madzi a phulusa kapena chidulo nawonso apeweni, ngakhale ena amawatama, chifukwa amasandutsa bango ndi udzu kukhala zachikasu kapena zoderako, ndipo mumathetsa fungo n'kudzipangira wanga latsopano.

Tsopano tibwere ku mawanga. Si wanga lakuda lililonse lomwe ndi la nguwi, ndipo mankhwala ake amasiyana. La nguwi limakhala timadontho tambirimbiri tomwazikana, totuwa kapena takuda, tochuluka kumene kunali chinyezi. Mwaye wa utsi wakukhitchini umamata ndipo umachoka ndi sopo uja, nsalu n'kuda. Palinso wanga lina lakuda mobiriwira kapena lofiirira, lokhala ndi malire ooneka bwino, lomwe limabwera chitsulo chikakhudzana ndi bango kapena udzu wonyowa, monga pamene panatsamira khasu, msomali kapena chitini. Limeneli viniga salichotsa kwenikweni, koma madzi a mandimu ndi kamchere pang'ono, kusiya padzuwa kwa ola limodzi n'kupukuta, amalizilalitsa. Malinga ndi mmene mwafotokozera, anu ndi a nguwi. Pa amenewa chinthu chofatsa chomwe ndingakulangizeni ndi mankhwala otsukira zilonda aja a haidirojeni perokisaidi, omwe m'mafamasi a kuno amawatcha agwa okisijenada, a mphamvu ya magawo 3 pa 100. Pakani ndi kathonje pa wanga lokhalo, mudikire mphindi 10 kapena 15, mupukute ndi nsalu yonyowa, muumitse. Mungabwereze kawiri kapena katatu pa masiku osiyana. Timadontho ta pamwamba pa khungu losalala la bango timazilala bwino, koma tomwe talowa m'kati timangosanduka totuwa, ndipo pamenepo m'pofunika kulekera pomwepo. Wanga louma, losanunkha, losakula ndi losadetsa nsalu yoyera mukalipukuta ndi chipsera chabe, ndipo mungagone pa mphasayo mopanda mantha.

Jiki, amene ambiri kuno amamutcha javelo, amayeretsadi mawanga a nguwi mofulumira, ndipo n'chifukwa chake anzanu akumutchula. Vuto lake ndi lakuti amadya ulusi wa zomera, makamaka khonje lomwe lagwira mphasa yonse, ndipo amasiya zigamba zoyera mbuu zomwe zimaoneka moipa kuposa wanga lija. Ngati mwasankhabe kumugwiritsa ntchito pa mphasa wamba yopanda utoto, asakhale wokhathamira: masupuni akuluakulu atatu mu lita imodzi ya madzi, kupaka pa bango lokha mopewa chingwe, mphindi zisanu zokha, kenako kupukuta kangapo ndi madzi oyera. Ndipo apa mumvetsetse bwino, mayi, chifukwa ndi nkhani ya moyo: jiki asakumane ndi viniga kapena mandimu, kaya m'mbale kaya pa mphasa yomwe ikadali yonyowa, pakuti zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa kulorini womwe umapweteka maso ndi mapapo. Ngati mwana anakodzerapo pa mphasayo, jiki musamuyandikize n'komwe, chifukwa akakumana ndi mkodzo amatulutsanso mpweya woipa; viniga ndi wokwanira.

Dengu la agogo lija lifunika dzanja lofatsa kuposa mphasa. Madengu a udzu ambiri amalukidwa pokulunga mtolo wa udzu n'kumauzunguliza, mzere uliwonse n'kumausokerera ku unzake ndi mlaza kapena khonje, ndipo ngati lanu ndi lotero, zindikirani kuti chomwe mukuona kunja ndi chokutira chabe. M'kati mwa mzere uliwonse muli udzu wothinana womwe ukamwa madzi umatenga masiku ambiri kuti uume, ndipo pansi pa dengu, pomwe mizere inayambira, m'pothinana kwambiri. N'chifukwa chake lada pansi, pomwe linakhalira pa simenti kapena pa dothi. Dengu lotere mukaliviika limafufuma, kupindika n'kutaya maonekedwe, ndipo likauma silikhalanso bwino pansi.

Liyanikeni chozondotsa, pansi pake pataloza kumwamba, mutalikhazika pa njerwa ziwiri kapena pa thandala kuti mphepo izilowa kukamwa kwake. Dzuwa la m'mawa ndi lokwanira. La masana limafwifwitsa utoto ndi kuumitsa mlaza mpaka kumaduka. Likauma, likwecheni ndi mswachi kapena burashi yofewa yopentera, motsatira momwe ulusi wosokera wayendera, mzere ndi mzere, m'kati ndi kunja. Ngati lili ndi mizere ya utoto, yesani kaye pamalo obisika: nyowetsani kansalu koyera ndi viniga wosungunula uja, mudinikize pa utoto kwa kamphindi, muone ngati kansaluko katenga mtundu. Utoto wogula wofiira, wobiriwira ndi wapepo umakonda kusuluka, ndipo ukayenderera pa udzu woyera suchokanso. Ukasuluka, pamalo autoto pangokwechedwa pouma basi, viniga apakidwe pansi pokha pomwe pada. Kwa dengu lotere sipiriti wa kufamasi wa magawo 70 pa 100 ndi wabwino kuposa viniga, chifukwa amapha nguwi ya pamwamba n'kuuma msanga osanyowetsa udzu wa m'kati, koma nayenso amasungunula utoto wina, choncho muyeseni chimodzimodzi, ndipo mugwirire ntchito kutali ndi moto. Popaka muzichita modinikiza, osati mokhula. Ngati pansi panyowa pang'ono n'kuyamba kupindika, ikanimo mbale kapena poto wofanana kukula kwake kwa maola ochepa kuti liume lili m'maonekedwe ake, kenako muchotse kuti mphepo ifike.

Fungo la m'dengu limachedwa kutha kuposa la mphasa, chifukwa limachokera m'kati mwa mizere muja. Likauma ndithu, ndipo mwatsimikiza ndi jumbo ija, ikanimo makala ouma odzaza manja awiri mutawakulunga m'kansalu kopyapyala kuti asadetse udzu, mulivindikire ndi nsalu, likhale pamalo okwera kwa sabata imodzi. Makala amakoka fungo, ndipo mukawayanika padzuwa mungawagwiritsenso ntchito. Mafuta onunkhira kapena perefyumu musathire, amangobisa fungo kwa masiku ochepa, mafutawo n'kumakola fumbi. Vanishi wopaka matabwa nayenso ayi, chifukwa amatsekera chinyezi m'kati ndipo udzu umawolera momwemo osaoneka.

Simunanene chomwe mumasungamo, koma ngati munali kuikamo ufa, mtedza kapena chimanga, ndikupempheni kuti lisabwererenso ku ntchito imeneyo. Nguwi yomwe yalowa m'kati mwa udzu simungaifikire yonse ndi mswachi, ndipo nyengo ya chinyezi ikabwera ingadzukenso n'kulowa m'chakudya. Mitundu ina ya chuku cha pa mtedza ndi chimanga imapanga poizoni wotchedwa afulatokisini, yemwe satha ngakhale chakudyacho chiphikidwe ndipo amawononga chiwindi. Dengulo lingasunge ulusi, zovala zouma kapena zinthu zokulungidwa, ndipo chakudya chomwe chinalimo pa nthawi yomwe linachita nguwi chitayidwe, chisapatsidwe ngakhale nkhuku.

Zonsezi zidzapita pachabe ngati zinthuzi zibwerera pakona yomwe ija. Pakona pamakumana makoma awiri ozizira, mphepo sifikapo, ndipo khoma la njerwa lomwe likumenyedwa ndi mvula kunja limatulutsa chinyezi m'kati. Mungayese pansi panu motere: yalani pepala la pulasitiki pakonapo, mutsindike m'mphepete mwake monse ndi njerwa kapena mchenga, lipitirire usiku ndi usana umodzi. Mukapeza kunsi kwake kwanyowa kapena simenti yada, ndiye kuti chinyezi chikukwera kuchokera m'nthaka, ndipo pamenepo sipoyenera kuikapo chilichonse cholukidwa. Mphasa muziipinda momasuka, osaithinitsa, n'kuipachika chogona pa zingwe ziwiri zomangirira ku denga kapena pa misomali, motalikirana ndi khoma pang'ono, ndipo zingwezo zikhale za nsalu kapena khonje, osati waya, kuopa dzimbiri. Yogonapo tsiku ndi tsiku isapindidwe mukangodzuka, iyambe yapitidwa mphepo kuti thukuta la usiku liume. Dengu lipachikidwe kapena likhale pa shelefu, osati m'jumbo kapena m'thumba la pulasitiki. Ndipo mukadzatsekanso nyumba m'dzinja kwa nthawi yaitali, siyani mphasa yotambasula pa chingwe m'chipinda chomwe chili ndi timawindo tolowetsa mpweya, ndipo mupemphe wachibale kapena woyandikana naye nyumba kuti azitsegula zitseko ndi mawindo kwa maola angapo kamodzi pa sabata, tsiku lomwe kwawala dzuwa.